Ndithandizeni pa K1 yakale ya Kamuzu

Abale osunga ndalama zakale, ndagula pa msika K1 yapepala yokhala ndi nkhope ya Kamuzu, koma mtima sukukhazikika. Ndikaiunika pa dzuwa tambala uja akuonekadi mkati mwa pepala, ndipo m'mbali mwake mukuzimirira pang'onopang'ono monga ziyenera kukhalira. Chondikayikitsa ndi inki. Ndimadziwa kuti ndalama zosindikizidwa ndi chitsulo chogoba zimakhakhala ukayendetsa chala pa nkhope ndi pa zilembo zikuluzikulu, koma iyi ndi yosalala ngati tsamba la kope. Pa galasi lokuza mizere ya tsitsi ikuoneka yathunthu, si timadontho ta makina a fotokope ayi.

Kodi ndalama ikayenda m'manja zaka zambiri, kapena wina akaichapa n'kuisita, kukhakhalako kumatheratu? Nanga yositidwa mumaizindikira bwanji?