Za seva ija inkakwawa ku ofesi kwathu ku Luchenza

"Seva ikukwawa koma girafu ya memore ikuoneka bwinobwino, chavuta n'chani?" Funso langa lija la sabata yatha.

Abale, chapezeka. Girafu inkangoonetsa memore yomwe yadzaza, osati kuthamangathamanga kwa mapeji pakati pa memore ndi disiki. Usiku seva itayamba kukwawa ndinayendetsa iyi, yoonetsa zomwe memore, disiki ndi purosesa zikuchita sekondi iliyonse:

```
vmstat 1
```

`si` ndi `so`, zomwe zimaonetsa kuchuluka kwa zobwerera mu memore ndi zotulukamo, zonse zinali m'masauzande sekondi iliyonse, `wa`, nthawi yodikira disiki, nayo mmwamba, ndiye kuti kernel imatulutsa mapeji kupita ku swap, malo a pa disiki othandizira memore, nkuwabwezanso pompo, purosesa ikungodikira disiki basi. Swap kungodzaza si vuto ayi, vuto ndi kulowa ndi kutuluka kosalekezaku.

Gwero linali bakapu yausiku yomwe imalimbirana memore ndi database. Ndachepetsa mabafa a database, bakapu ndaiikira malire a memore ndi `MemoryMax` ya systemd, pano `si` ndi `so` zili pa 0.