Zithunzi za pa chikalata cha mijigo

Mlembi: Abale, chikalata chopemphera thandizo lokonza mijigo ndi ichi. Zithunzi ndatola pa intaneti. Tachionani tisanasindikize.

Achemwali ojambula: Alembi, mawu ali bwino, koma zithunzi zikuchita kuoneka kuti zatoledwa uku ndi uku. Ndowa ndi yamitundu yowala, nyumba ndi yamizere yopyapyala, ndipo mpopi wabwera ndi kabokosi koyera kumbuyo chifukwa ndi JPG, mtundu wa chithunzi umene sutha kukhala wopanda kanthu kumbuyo. Diso likuthamangira ndowa, pomwe nkhani yathu ndi mabanja. Chandidetsa nkhawa kwambiri ndi nyumba ziwirizo.

Mlembi: Zalakwika pati? Mjigo woyamba umathandiza mabanja 40, wachiwiri 80. Ndiye nyumba yachiwiri ndaikulitsa kawiri.

Achemwali ojambula: Mwaikulitsa kawiri m'litali, kawirinso m'lifupi, choncho yatenga malo a nyumba zinayi. Wongoona osawerenga aganiza kuti kumeneko kuli mabanja 160. Tengani kanyumba kamodzi, kaziimira mabanja 10, ndipo mulembe zimenezo m'munsi. Mzere wapamwamba tinyumba 4, wapansi 8, tofanana kukula, mizere yonse iyambire pamalo amodzi kumanzere. Mabanja atakhala 45, kachisanu mumakadula pakati.

Amalume: Ndiye mukuti tichotse chithunzi cha mjigo wothyokawo? Ine ndikukana. Anthu amapereka akaona ndi maso.

Achemwali ojambula: Ayi amalume, cha kameracho chikhale, ndi umboni wathu. Ndikunena tizithunzi tojambulati. Tonseto tititenge malo amodzi, monga Material Symbols, nkhokwe ya tizithunzi ya Google, yomwe ndi yaulere. Kumeneko kuli masitayilo atatu: Outlined, Rounded ndi Sharp. Tisankhe imodzi, makulidwe a mzere akhale amodzi, mtundunso umodzi.

Msungichuma: Bwanji tingopaka zomwe zilipozi mtundu umodzi? Sizikhala zofanana basi?

Achemwali ojambula: Zingathandizeko, koma mizere ikhalabe yosiyana. Pangani fotokope imodzi yakuda ndi yoyera muone. Ndowa yodzaza utoto ituluka ngati chibanthu chakuda, nyumba yopyapyalayo izimiririka. Potsitsa tengani fayilo ya SVG, siiphwanyika mukaikulitsa. Pulogalamu yanu ikaikana, PNG yopanda kabokosi kumbuyo ikwanira.

Mlembi: Ndalowamo. Kanyumba ndakapeza, dontho la madzi ndalipezanso, koma chofanana ndi mjigo wathu sindikuchiona.

Amalume: Musaikepo mpopi. Mayi anga adzaona ngati tikulonjeza madzi a m'mipope, mawa adzatifunsa.

Achemwali ojambula: Apo amalume anena zoona. Tingaike dontho, pansi pake n'kulemba kuti "mjigo". Apo ayi ndiujambule ndekha, ndi mzere wokhuthala mofanana ndi wa kanyumbako, koma mundipatse masiku awiri.

Msungichuma: Dontho lokha wina adzati ndi mvula. Ine ndikuti ujambulidwe.

Wapampando: Msonkhano ndi Loweruka, masiku awiriwo atipanikiza. Alembi, konzani tinyumbato lero. Achemwali, yesani mjigowo, ndipo tikausonyeze kwa anthu atatu amene sali m'gulu lino osawauza kuti ndi chiyani. Akapanda kuuzindikira, tikambirananso Lachisanu madzulo.