Ana anga akulemba "la village" ndi "le chaleur", ndipo ndine ndinawaphunzitsa

Mphunzitsi wa ku Ntcheu:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Teremu yatha ndinauza ana a Fomu 2 kuti dzina la Chifalansa likathera ndi -e ndi lachikazi, likapanda -e ndi lachimuna. Ndinkafuna kuti akhale ndi pogwira, poti dikishonale tili nayo imodzi sukulu yonse. Usiku wathawu ndimachonga chimangirizo, ndipo mtsikana wina amene amakhoza bwino kwambiri walemba chonchi:

*Ma village est petite. La problème est le chaleur. Mon maison est loin de la lycée.*

Mayina asanu, onse walakwitsa. Chimene chandiwawa n'chakuti mwanayu sanalote ayi, watsatira lamulo langa ndendende. Village, problème ndi lycée ali ndi -e, wawapatsa chikazi. Chaleur ndi maison alibe, wawapatsa chimuna. Lolemba ndikalowe m'kalasi ndikanene chiyani? Ndilifafanize lamuloli kapena ndingolikonza?

Aphunzitsi a ku Dowa:
Ine malamulo otere ndinasiya, achimwene. M'kalasi mwanga muli mnyamata wa ku Congo wochokera ku Dzaleka. Salakwitsa le ndi la ngakhale kamodzi, koma mukamufunsa chifukwa chake amangoti "zimamveka choncho". Ndiye ndimangoti dzina lililonse aliloweze pamodzi ndi le kapena la wake, basi.

Madamu a ku Zomba:
Bambo a ku Dowa, mnyamatayo Chifalansa wakhala akuchimva kuyambira ali wamng'ono. Athuwa amachimva mapiriyodi ochepa pa sabata, kuchokera pakamwa pa munthu mmodzi. Pa mayeso adzakumana ndi dzina limene sanalionepo, ndipo adzafunika kuganizira. Kuloweza ndikuvomereza, koma pakhalenso njira yoganizira.

Achimwene a ku Ntcheu, cholakwika chanu n'chochepa kuposa mmene mukuchionera. Mathero a dzina amathandizadi, kungoti chilembo chimodzi chomaliza n'chochepa kwambiri. Mwana ayang'ane zilembo zitatu kapena zinayi zomaliza. Tiyeni titenge mayina asanu a mtsikanayo.

Village sathera ndi -e chabe, amathera ndi -age, ndipo -age ndi wachimuna: le village, le voyage, le fromage, le mariage, le garage, le courage. Problème amathera ndi -ème, wachimunanso: le système, le thème, le poème. Amenewa anachokera ku Chigiriki komwe sanali achimuna kapena achikazi, ndipo mayina otere polowa m'Chifalansa ambiri anagwera kuchimuna. La crème sali m'banja limenelo, n'chifukwa chake ndi wachikazi. Maison amathera ndi -aison, wachikazi: la saison, la raison, la comparaison. Chaleur ndi lycée ndi ovutirapo, ndibwereranso.

Muoneni mwanayo mmene kulakwitsa dzina limodzi kwakokera mawu ena. Chifukwa cha village yekha, mon wasanduka ma, petit wasanduka petite. Chifukwa cha lycée, du wasanduka de la. Zoyenera zinali izi:

*Mon village est petit. Le problème est la chaleur. Ma maison est loin du lycée.*

Ine ndikanakhala inu sindikanamulanda malikisi pa petite. Mgwirizano waugwira bwino, wangoyambira pa phazi lolakwika.

Mphunzitsi wa ku Mulanje:
Pa -age ndili ndi njira yachidule. Dzina likakhala lalifupi ndi lachikazi: la page, la cage, la plage, la rage. Likakhala lalitali ndi lachimuna. Ana anga amaigwira msanga.

Madamu a ku Zomba:
Mwayandikira, koma njirayo idzawagwetsa pa dzina limene amaligwiritsa ntchito kuyambira Fomu 1. Âge ndi lalifupi kuposa onsewo, koma timati *quel âge as-tu*, osati *quelle*. Le stage nalonso ndi lalifupi. Ndipo image, lomwe lili ndi maphatikizo awiri ngati village, ndi lachikazi.

Chimene mwaona ndi chenicheni, kungoti si kutalika. Mu lavage kapena passage, -age ndi chidutswa chomatidwa ku mneni, laver ndi passer, ndipo chidutswa chimenecho chimabwera ndi chimuna chake. Mu page mukachotsa -age mutsala ndi p yekha, kusonyeza kuti palibe chomatidwa, dzinalo linabadwa choncho. Koma mwana wa Fomu 2 sangadziwe kuti fromage kapena orage anamatidwa kuchokera ku chiyani, ndiye musamupatse ntchito imeneyo. Achikazi amene angakumane nawo ndi asanu ndi limodzi okha: cage, image, nage, page, plage, rage. Aloweze amenewo, ena onse aziti le.

Mphunzitsi wa ku Mulanje:
Âge ndinali ndisanamuganizire. Chabwino, ndagonja.

Mphunzitsi watsopano, ku Karonga:
Inenso zimenezi zimandivuta. Mayi akakhala mphunzitsi tizilemba la professeur, la professeure kapena le professeur? Mabuku awiri amene ndili nawo sakugwirizana.

Aphunzitsi a ku Dowa:
Imeneyo ndi nkhani ina, achemwali. Pa anthu, le ndi la amatsata munthuyo nthawi zambiri, ndipo mabuku akale ndi atsopano amasiyanadi pa mayina a ntchito. Pano tikulimbana ndi mudzi, kutentha ndi nyumba, zinthu zopanda mwamuna kapena mkazi.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu:
Madamu, munalonjeza chaleur ndi lycée. Pa chaleur ndikuona kuti mwanayo anali ndi chifukwa chachiwiri, poti pa bolodi ndinalembapo le professeur, le docteur, l'ordinateur.

Madamu a ku Zomba:
Pa -eur mathero okha sakwanira, muyenera kufunsa kuti dzinalo likutchula chiyani. Likatchula munthu wochita chinthu kapena makina ochita chinthu, ndi lachimuna: le chauffeur, le vendeur, le moteur, le tracteur, un ordinateur. Likatchula chimene umamva m'thupi kapena mumtima, kapena mmene chinthu chilili, ndi lachikazi: la chaleur, la peur, la douleur, la couleur, la longueur, une odeur. Funso loti mwana adzifunse ndi lakuti, kodi chimenechi chimagwira ntchito? Thirakitala imagwira ntchito, mantha sagwira.

Kenako pali atatu amene amandikhumudwitsa chaka chilichonse, chifukwa ana amawakonda m'chimangirizo: le bonheur, le malheur, un honneur. Awiri oyambawo ali ndi chifukwa chake. Bonheur ndi bon kuphatikiza heur, mawu akale achimuna otanthauza mwayi, osati heure ya nthawi. Mukaonetsa ana kuti muli bon osati bonne, saiwalanso. La fleur ndi le cœur ndimangowaphunzitsa paokha.

Lycée ndiye wosamvera lamulo weniweni. Mathero a -ée ndi achikazi ndithu: la journée, une année, la soirée, une idée, une entrée. Achimuna amene mwana angawafune ndi le lycée, le musée ndi le trophée, onse ochokera ku Chigiriki kudzera ku Chilatini. Tsoka lake n'lakuti lycée ali m'mutu wa sukulu, ndiye mwana amakumana ndi wosamverayo asanazolowere omvera.

Bambo opuma ntchito, ku Mzuzu:
Ndawerenga zonse, ana anga. Ndionjezepo chimodzi chimene ndinachizindikira mochedwa, nditaphunzitsa zaka zambiri. Tayang'anani mmene a ku Ntcheu alembera pamwambapa: l'ordinateur. Kachizindikiro kameneko kamabisa zonse. Mwana akakopera l'école, l'eau, l'image, l'avion m'kope mwake, palibe chimene waphunzira za chimuna kapena chikazi. Ndipo akamva mon école kapena mon image amatsimikiza kuti ndi achimuna, osadziwa kuti mon amalowa m'malo mwa ma pamene dzina layamba ndi lembo la liwu. Pa bolodi muzilemba une école, une image, un avion. Eau muzimupatsa mfotokozi womveka: l'eau froide, pomwe d akumveka, kusiyana ndi froid.

Eau yemweyo ndi msampha, chifukwa -eau ndi wachimuna: le bateau, le tableau, le couteau, le bureau. Achikazi ndi eau ndi la peau basi.

Musaopenso kuyambira ku Chichewa. Ine ndinkalemba chingwe, chitseko, chimanga, n'kufunsa ana kuti timati chiyani. Chingwe chachitali, chitseko chachikulu. Ndiye ndinkalemba chule. Kalasi yonse inkati chule wamkulu, palibe amene ankati chachikulu. Pamenepo ankaona okha kuti m'chinenero chawo maonekedwe a dzina amalosera gulu lake, kuti mawu ena onse amatsata gululo, ndiponso kuti pali mayina ochepa amene amaoneka ngati a gulu lina. Ife timayang'ana kumayambiriro kwa dzina, Afalansa kumathero.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu:
Bambo, za chule nditenga. Tsono ndiyambe ndi mathero angati? Ndikawapatsa makumi awiri tsiku limodzi ndiwasokoneza kuposa poyamba.

Madamu a ku Zomba:
Yambani ndi amene sakhumudwitsa, ana ayambirenso kukhulupirira. Kuchikazi -tion ndi -sion: la nation, la question, la télévision. Muwalembe onse bwinobwino, musafupikitse kuti -ion, chifukwa un avion, le camion ndi le million akudikirirani. Kuchimuna -ment: le moment, le gouvernement, le médicament, ndipo wosamvera ndi la jument, hatchi yaikazi, amene sangawavute. Onjezani -isme, amene ndi wachimuna nthawi zonse. Sabata yotsatira -age, -eau ndi -ème. Kenako -té, wachikazi: la liberté, la santé, une université, kupatula un été, le côté, le comité, le traité. Lomaliza -eur, chifukwa limafuna kuganiza.

Aphunzitsi a ku Dowa:
Apa ndiye ndikutsutsanabe nanu, Madamu. Mukapereka lamulo ndi osamvera ake tsiku lomwelo, ana amakumbukira osamverawo kuposa lamulo. Ndinaonapo mwana ataloweza cage, image, nage, page, plage, rage ngati nyimbo, kenako n'kulemba la voyage, poti -age m'mutu mwake anali atasanduka wachikazi.

Madamu a ku Zomba:
Zimenezo zimachitikadi. Koma mukawabisira la page, dzina limene mumalitchula piriyodi iliyonse potsegula buku, mwana wanzeru adzakugwirani, ndipo adzaleka kukhulupirira mathero onse.

Bambo opuma ntchito, ku Mzuzu:
Ine ndinkapereka wosamvera mmodzi kapena awiri amene ali kale pakamwa pa ana, monga la page ndi une image. Enawo ndinkadikira mpaka atatulukira m'nkhani yowerenga. Ngati zinali bwino kuposa njira ya Madamu, sindingalumbire.

Mphunzitsi wa ku Ntcheu:
Lolemba ndilemba ziganizo zitatu za mtsikanayo pa bolodi, osatchula mwini wake, ndiwauze kuti lamulo linali langa. Tikonza village, problème ndi maison pamodzi kuchokera ku mathero ake. Lycée ndingowauza kuti ndi le. Chaleur ndimusiya kaye ndi chizindikiro chofunsa mpaka tifike pa -eur. Madamu, pa -age ndiyesa la page ndi une image okha, ndidzakuuzani zimene atalembe Lachisanu.