Silinda pa thabwa lija: ndapeza pomwe ndinkalakwitsa

Sabata yatha ndinafunsa kuti: "Silinda yopanda mphako ili pa thabwa lomwe likukokedwa ndi akiselereshoni a, ndipo ikugubuduzika osatsetsereka. Kodi akiselereshoni yake ndi yotani kwa munthu woima pansi?"

Ine ndinkapeza 2a/3, koma uko ndiko kubwerera m'mbuyo kwake pa thabwalo. Aphunzitsi anga kuno ku Chipata ndiwo anandionetsa.

Mphamvu yokhayo yokankha silinda kutsogolo ndi fulikishoni, choncho f = mA, pomwe A ndi akiselereshoni ya silinda kwa munthu woima pansi. Fulikishoni yomweyo ndi imene imaizungulitsa: fR = (1/2)mR²α, kutanthauza αR = 2A. Pomwe ndinkasochera ndi apa: mbali ya silinda yokhudza thabwa imayenda limodzi ndi thabwalo, motero A + αR = a. Ndiye 3A = a, A = a/3, kulowera komwe thabwa likupita.

Sindinakhulupirire mpaka nditayesa ndekha. Ndinaika kandulo pa thabwa, n'kulemba ndi choko pa simenti. Nditakoka thabwa masentimita 60, kandulo inali itasuntha pafupifupi 20. Ukakoka mwamphamvu kwambiri, a ikaposa 3μg, imatsetsereka ndipo a/3 sigwiranso ntchito.