Dalaivala, kalaliki ndi woyesa mtedza: ndani ayenera kukhala pamwamba?

Mlembi wa ku Kamwendo:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Kopaletivi yathu imagula mtedza ndi soya kwa alimi, ndipo antchito okhazikika ali pa maudindo 14. Bodi inafuna kukonza magiredi a malipiro, ndiye mamembala anakhala pansi n'kungondandalika maudindowo kuyambira waukulu mpaka waung'ono. Manijala pamwamba, mlonda pansi, apo panalibe mkangano. Pavuta ndi pakati. Dalaivala wa lole amuika pamwamba pa kalaliki wa nyumba yosungira katundu, ndipo mayi amene amayesa mtedza pogula amuika pansi pa onse awiri. Kalaliki wadandaula kale kuti makiyi a katundu yense ali ndi iye. Panopa dalaivala amalandira K60,000 kuposa kalaliki. Msonkhano wa bodi ukubwera ndipo akuti ndibweretse njira yomveka. Ndiyambire pati?

Achimwene a ku Mkanda:
Izi n'zosavuta achimwene. Yang'anani amene amafika msanga, amene sajomba, amene ntchito yake imaoneka. Ife timadzaza fomu chaka chilichonse, wochita bwino timamukweza. Ngati dalaivalayo ndi wolimbikira, musiyeni pamwamba.

Mayi a za antchito, Mchinji boma:
Achimwene a ku Mkanda, fomu imene mukunenayo imayesa munthu. Mlembi akufunsa zoyesa mpando umene munthuyo wakhalapo. Dalaivala wanu akachoka mawa n'kubwera waulesi, udindo wa dalaivala ukhala wolemera chimodzimodzi. Mabodi ambiri amasokonezeka pomwepa, chifukwa akamati "dalaivala" amaona nkhope ya munthu amene wagwira nawo zaka zambiri.

Bambo mlembi, kundandalika kumene bodi yachita si kolakwika pakokha. Pa maudindo ochepa kumathandiza. Koma kumangokuuzani kuti uyu ali pamwamba pa uyu, osakuuzani kuti akusiyana motani, ndipo wina akafunsa chifukwa mulibe pepala lomuonetsa. Kodi muli ndi mapepala ofotokoza ntchito ya udindo uliwonse?

Mlembi wa ku Kamwendo:
Alipo mayi, koma ndi akale. La kalaliki limangoti "kusunga katundu ndi ntchito zina zimene angapatsidwe". La woyesa mtedza palibe, chifukwa anayamba ngati waganyu wosankha mtedza.

Mayi a za antchito, Mchinji boma:
Ndiye muyambire pamenepo, musanakhudze mapointi. Khalani ndi aliyense, mumufunse zimene amachita sabata ya nthawi yogula ndi sabata ya nthawi ya dzinja, zimene amagamula yekha osafunsa manijala, ndi chimene chingaonongeke iye akalakwitsa. Mulembe, iye awerenge ndi kusaina, womuyang'anira asainenso. Ndikukayikira kuti mayi woyesa mtedzayo bodi ikumuonabe ngati waganyu uja. Komatu ngati ndi iye amene amati thumba ili ndalandira, ili ndakana chifukwa cha chinyontho kapena chuku, ndiye kuti akugamula za ndalama za kopaletivi tsiku lililonse. Mtedza wonyowa ukalowa m'nyumba yosungira umaononga ndi wouma womwe, ndipo wogula wamkulu akaupeza ndi chuku amabweza lole yonse.

Akauntanti wa ku Kapiri:
Ine ndikuona ngati tikudzivutitsa. Malipiro amanena ndi msika. Dalaivala wa laisensi ya lole mukamupatsa zochepa mawa lomwe ali kwa amathiransipoti a ku Lilongwe kapena akuwoloka pa Mwami kupita ku Zambia. Kalaliki wa MSCE mukalengeza ntchito abwera ambirimbiri. Ngati mukufuna kuti bodi ikhutire, yerekezani maudindo awiriawiri, wopambana mumupatse pointi imodzi, muwonkhetse, basi.

Mayi a za antchito, Mchinji boma:
Za msikazo n'zoona, ndibwerako. Koma kuyerekeza awiriawiri pa maudindo 14 ndi mafunso 91, chifukwa ndi 14 x 13 ÷ 2. Bodi ikamafika pa funso la 60 imakhala yatopa, ndipo pomaliza mumapezabe mndandanda wa maganizo a anthu omwe aja, wopanda zifukwa.

Njira ya mapointi imayenda chonchi. Mumasankha zinthu zochepa zimene kopaletivi imalipirira pa udindo uliwonse. Zodziwika ndi zinayi, zomwenso a ILO, bungwe loona za ntchito pa dziko lonse, amalimbikitsa: luso, udindo, mphamvu zimene ntchito imafuna, ndi malo ogwirira ntchito. Kwa inu ndingagawe udindo pawiri, wa katundu ndi ndalama padera, wa anthu padera. Kenako mugawe mapointi 100 malinga ndi kulemera kwa chilichonse. Mwachitsanzo luso 30, katundu ndi ndalama 25, kuyang'anira anthu 15, mphamvu 15, malo 15. Chilichonse chikhale ndi makwerero asanu, ndiye khwerero limodzi la luso ndi mapointi 6, la katundu ndi 5, enawo ndi 3.

Ntchito yaikulu ili pa kulemba makwererowo m'mawu oti wina aliyense atha kutsimikiza. Musalembe "udindo wochepa, wapakati, waukulu". Lembani kuti pa katundu khwerero 1 ndi amene amasamala zida zake zokha, 3 ndi amene kulakwitsa kwake kumaoneka tsiku lomwelo n'kukonzedwa, 4 ndi amene kulakwitsa kwake kumaoneka mochedwa kopaletivi italuza kale, ndipo 5 ndi amene amasaina za ndalama za kopaletivi yonse. Tayesani pa atatu anuwo mutiuze.

Mlembi wa ku Kamwendo:
Ndayesa ndi manijala ndi membala mmodzi wa bodi, aliyense payekha kenako n'kuphatikiza.

Dalaivala: luso khwerero 3 ndiye 18, katundu 4 ndiye 20, anthu 1 ndiye 3, mphamvu 3 ndiye 9, malo 4 ndiye 12. Zonse 62.

Kalaliki: luso 18, katundu 20, anthu khwerero 3 ndiye 9 chifukwa amayang'anira onyamula matumba, mphamvu 6, malo 6. Zonse 59.

Woyesa mtedza: luso 18, katundu 20, anthu 6, mphamvu 9, malo 9 chifukwa cha fumbi. Zonse 62.

Manijala anafuna kupatsa dalaivala khwerero 5 pa mphamvu, akuti misewu yolowera m'midzi nthawi ya mvula ndi yoopsa. Ine ndinakana koma sindinathe kufotokoza bwino. Ndiye kodi titi bodi inalondola, poti dalaivala waposa kalaliki?

Mayi a za antchito, Mchinji boma:
Munachita bwino kukana. Kuopsa kwa msewu mwakuwerengera kale pa malo, n'chifukwa chake wapeza 12. Mukakuikanso pa mphamvu ndiye kuti chinthu chimodzi mwachilipira kawiri. Chizindikiro chake n'chakuti chifukwa chimene munthu akupereka pa chinthu china ndi mawu omwewo amene anapereka pa chinzake. Ndipo pa mphamvu musamangoganiza za msana ndi mikono. Kuyang'anitsitsa mtedza tsiku lonse, alimi ali pamzere akukukakamiza kuti ulandire, ndi mphamvunso. Ntchito zimene kawirikawiri amagwira amayi zimatsika pa mapointi chifukwa choiwala zimenezi.

Tsopano pa 62 ndi 59. Tasinthani kulemera pang'ono: anthu akhale 25, mphamvu 10, malo 10, zina zikhale momwemo. Makwerero musasinthe. Dalaivala apeza 57, woyesa mtedza 60, kalaliki 61. Mndandanda watembenuka, ntchito zili zomwezo. Apa pali zinthu ziwiri. Choyamba, kulemera kwa zinthu bodi ivomereze ndi kulemba m'maminiti isanaone mapointi a udindo uliwonse, apo ayi aliyense azikoka manambala mpaka munthu wake atuluke pamwamba. Chachiwiri, kusiyana kwa mapointi atatu kapena anayi si kusiyana kwenikweni. N'chifukwa chake mapointi timawaika m'magiredi. Wotsikitsitsa angapeze 20, wokwera kwambiri 100. Mukadula 20 mpaka 39, 40 mpaka 54, 55 mpaka 69, 70 mpaka 84, 85 mpaka 100, atatu anuwo agwera giredi imodzi m'mawerengero onse awiri. Yankho limene silisuntha mukasintha kulemera ndi limene mungapite nalo ku bodi.

Ndipo si nkhani ya chifundo chabe. Gawo 6 la lamulo la zolemba anthu ntchito la 2000 limati malipiro akhale ofanana pa ntchito zolemera mofanana, popanda tsankho. Silinena ntchito zofanana dzina ayi. Mayi uja atadandaula ku ofesi ya leba, mudzafunika kuonetsa chifukwa chimene ali pansi.

Bambo a ku Santhe, Kasungu:
Ine ndinagwira ku esiteti ya fodya, kumeneko tinkagwiritsa njira ya Paterson. Iyo imayang'ana chinthu chimodzi chachikulu, mtundu wa zimene munthu amagamula pa ntchito, ndipo magulu ake ndi A mpaka F. Sitinkavutika ndi kuwonkhetsa konseku. Dalaivala ndi kalaliki onse anali mu B, nkhani n'kutha. Koma ndikuuzeni, mavuto athu anali pa akapitawo a m'zigafa. Nthawi yofuwitsa fodya sagona, nthawi zina ntchito imachepa, ndiye ankati giredi yawo siiona zimenezo. Kwa inunso, woyesa mtedzayo akatha miyezi yogula amachita chiyani? Mapointi 62 amenewo ndi a chaka chonse kapena a Meyi mpaka Ogasiti?

Mlembi wa ku Kamwendo:
Funso limenelo landigwira bambo. Kugula kukatha amathandiza kalaliki kuwerenga matumba ndi kuona ngati muli anankafumbwe kapena chinyezi, komanso amaphunzitsa alimi kaumitsidwe ka mtedza. Koma kukana kapena kulandira katundu kumakhala kulibe.

Mayi a za antchito, Mchinji boma:
Ine ndingayese pa udindo waukulu umene amausenza chaka ndi chaka, ngakhale ukhale wa miyezi inayi, poti ndi umene munamulembera. Ozimitsa moto sitiwayesa pa masiku amene kulibe moto. Koma ndikudziwa anzanga ena amene amatsitsa khwerero limodzi pa malo ndi pa mphamvu ngati zovutazo sizichitika chaka chonse. Mukatero apeza 56, akadali m'giredi yomweyo, koma m'mphepete. Lamulo limene musankhe mulilembe, ndipo likhudzenso dalaivala, chifukwa nayenso lole imaima miyezi ina.

Akauntanti wa ku Kapiri:
Chabwino, giredi imodzi. Nanga K60,000 ija? Mukweza awiriwo, bajeti ilira. Mutsitsa dalaivala, athawa, ndipo mwina akusumirani.

Mayi a za antchito, Mchinji boma:
Kutsitsa ayi, malipiro ali mu kontirakiti yake. Njira imene ambiri amatsata ndi kumusiya pamene ali, enawo n'kumawakweza pang'onopang'ono mpaka alowe m'malire a girediyo. Ngati msika ukufunadi kuti dalaivala alandire zambiri, gawo limenelo mulitche alawansi ya kusowa kwa luso, lilembedwe padera ndi chifukwa chake, ndipo muziliunika chaka ndi chaka. Musalibise m'mapointi.

Akauntanti wa ku Kapiri:
Alawansi ikangolowa m'thumba siichokanso mayi, ine ndaziona. Ndipo kalaliki akamva kuti mnzake wa giredi imodzi ali ndi alawansi, abweranso ndi makiyi ake aja.

Mlembi wa ku Kamwendo:
Ku bodi ndipita ndi zinthu zisanu zija, makwerero ake ndi malire a magiredi okha, mapointi a atatuwa ndisunga kaye. Akavomereza tipanga komiti yokhala ndi woimira antchito, tiyese maudindo onse 14. Bambo a ku Santhe, akapitawo anu aja munawathandiza bwanji pomaliza, munawakweza giredi kapena munawapatsa ya nyengo yokha?