Ophunzira 14 akanidwa pa GitHub Student Developer Pack

A Phiri (labu ya makompyuta): Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mwa ophunzira 30 a chaka chachiwiri omwe anafunsira GitHub Student Developer Pack, zida zaulere zopangira mapulogalamu zomwe GitHub imapereka kwa ophunzira otsimikizika, 14 akanidwa. Ambiri mwa okanidwawo anajambula chiphaso cha sukulu. Chiphasocho chili ndi dzina, chithunzi, nambala ya wophunzira ndi chaka chomwe analowa, 2023. Imelo ya sukulu ali nayo ndi ochepa.

A Mwale: Musavutike, popanda imelo yothera ndi `.edu` sizitheka. Zathu za `.ac.mw` sazidziwa.

Mayi Nabanda: Ayi a Mwale, `.ac.mw` imagwira ntchito ngati sukuluyo ili kale pa mndandanda wawo, ndipo wopanda imelo ya sukulu amaloledwa kupereka chikalata. A Phiri, vuto lanu lili pa chiphasocho. Chaka cha 2023 chikungosonyeza kuti munthu analowa sukulu, osati kuti akadali pasukulu lero. Wosiyira panjira nayenso ali nacho m'thumba. Chiphaso chimadutsa chikakhala ndi tsiku lothera ntchito lomwe lisanafike, kapena chaka cha maphunziro chomwe tilimo.

Zomwe amalandira ndi chiphaso cha mtundu umenewo, ndandanda ya makalasi a semesita ino, pepala la zotsatira za mayeso, kapena kalata yotsimikiza kuti munthu analembetsa. Chilichonse mwa izi chionetse zinthu zitatu pa chithunzi chimodzi: dzina lonse la wophunzira, dzina lonse la sukulu, ndi tsiku. Ndandanda yomata pakhoma ija ilibe dzina la munthu, choncho siithandiza. Kalata yomuitana kusukulu nayonso imakonda kukanidwa, chifukwa kusankhidwa si kulembetsa.

Chisomo: Bwanji angojambula chiphaso cha unzika? Paja chili ndi tsiku lothera ntchito.

Mayi Nabanda: Chimenecho chimanena kuti ndiwe ndani, sichinena za sukulu. Asatumize n'komwe.

A Gondwe (ofesi ya rejisitala): Kalatayo ndi yosavuta kwa ife. Tsamba limodzi, pa pepala la mutu wa sukulu, m'Chingerezi: dzina, nambala, maphunziro omwe akuchita, chaka cha maphunziro ndi semesita, tsiku lomwe talemba, siginecha ndi chidindo. Zonse zikhale zotayipa. Tsiku lolemba ndi bolopeni kapena lomwe chidindo chagwerapo siliwerengeka pa chithunzi. Ndipo musapemphe kalata imodzi ya mayina 14. Aliyense yakeyake.

A Phiri: Zikomo bambo. Koma atatu mwa okanidwawo anatumiza pepala la zotsatira la semesita yangothayi, la tsiku labwinobwino. Nanga pamenepo?

Mayi Nabanda: Yang'anani mayina. Ngati pepala likuti Tiyamike Grace Banda koma pa akaunti analemba `tiya265`, sizigwirizana. Alowe mu `Settings`, akonze dzina pa `Public profile` ndi pa `Billing information` lifanane ndi la pa chikalata, chilembo ndi chilembo. Sakufunika kuikapo khadi la kubanki, dzina ndi adilesi basi. Ayatse 2FA, chitetezo chofuna chitsimikizo chachiwiri kuwonjezera pa pasiwedi, atuluke mu akaunti, alowenso, ndiye afunsirenso. Ambiri amadumpha potulukapa n'kukanidwa kachiwiri.

China ndi malo. Tsambalo limapempha chilolezo choona komwe muli, n'kuyerekeza ndi komwe kuli sukulu. VPN ikakhala yoyaka, zatha. Makompyuta a m'labu alibe GPS, ndiye malo amangoganiziridwa kuchokera pa intaneti, mwina n'kuoneka ngati muli ku Blantyre kapena ku Lilongwe chikhalirecho muli ku Mzuzu. Afunsire pa foni, ataima pasukulu pomwepo, malo ali oyatsa. Kamera ya foni imajambulanso bwino kuposa ya laputopu, yomwe imasandutsa zilembo zing'onozing'ono phala. Pepala aligoneke pa tebulo pafupi ndi windo, ngodya zonse zinayi zioneke. Fayilo ya PDF salandira, ndipo chithunzi chomwe chazungulira pa WhatsApp chimakhala chitafooka kale.

A Mwale: Nanga ophunzira akutali, obwera kusukulu masabata awiri okha pa semesita?

Mayi Nabanda: Malo akasiyana, fomu imafunsa chifukwa chake ndipo imafuna umboni. A Gondwe aonjezere chiganizo m'kalatamo chonena kuti maphunzirowo ndi akutali. Ngakhale zili choncho, ena amadutsa ena ayi ndi kalata yofanana. Chodalirika n'kudikira masabata awiri aja.

Chisomo: Wina wavomerezedwa dzulo koma palibe chomwe chatseguka.

Mayi Nabanda: Adikire maola 72, asafunsirenso.

A Phiri: Ndaona mayina a atatu aja. Awiri analembadi mayina ocheza nawo. Wachitatu dzina lili bwino, anafunsira pa foni ali pasukulu, koma imelo ya sukulu anaigwiritsapo kale ntchito pa akaunti ina yomwe anaiwala pasiwedi yake.

Mayi Nabanda: Ameneyo abwezeretse akaunti yakaleyo kudzera pa imelo yomweyo. Imelo imodzi ya sukulu siipindulira maakaunti awiri.

A Gondwe: A Phiri, tumizani mndandanda wa 11 otsalawo Lachiwiri lisanafike, mayina monga alili m'kaundula wathu. Osaina makalata achoka Lachitatu.