Ndithandizeni, mpunga wanga wasanduka phala pamaso pa apongozi

Membala wobisa dzina: Adimini ndibiseni dzina chonde, abale a amuna anga ali mgulu momuno. Amayi anzanga ndithandizeni mutu ukundizungulira. Ndakhala pa banja zaka 4, mpunga ndimaphika bwinobwino woyoyoka, koma Lamulungu lapitali ndachita manyazi oti sindinachitepo chibadwire. Apongozi anabwera kuchokera ku Rumphi, ine ndinadzuka 4 koloko kukolopa kuchapa makatani, madzi anali atasiya kutuluka kuno ku Chibavi ndiye ndinakatunga kwa aneba, mlamu wanga wamkazi amene timakhala naye ali gone pa foni osagwira ngakhale tsache. Magetsi anazima ndiye ndinaphikira pa mbaula. Muyezo ndi womwe uja ndinaphunzira kwa mayi anga, kapu imodzi ya mpunga makapu 2 a madzi. Povundukula, mpunga wonse wamatana, pansi phala lenileni, pamwamba wonanda ngati nsima ya kondoole. Apongozi sanayankhule kanthu anangodya ndiwo zokha, koma mlamu uja ndinamumva akuseka kuseri ati ndi mmene amaphikira kwawo. Loweruka likubwerali kuli chinkhoswe ndipo andipatsa ineyo poto wa mpunga. Ndalakwitsa pati? Usiku sindikugona.

Mwana wa ku Karonga: MWAGULITSIDWA MPUNGA WABODZA MAYI. Palibe za madzi apa. Ine ndakulira mmadimba a mpunga, Kilombero weniweni samatana olo muphike mutatsinzina. Ogulitsa ena mtauni muno amasakaniza ndi mpunga wina wotchipa nkuika Kilombero pang'ono pamwamba kuti azinunkhira. Munagula kuti?

Mayi a mapasa: Pepani asisi. Koma mlamuyo achoke pakhomopo, ine wanga anandichita zomwezomwezo mpaka ndinadwala nazo mutu miyezi 3. Nkhani si mpunga apa.

Agogo a ku Katoto: Ana a masiku ano mumafuna kuyeza chilichonse ndi kapu. Ife timathira mpunga mpoto, kuusalaza, nkuika chala pamwamba pake, madzi afike pa mfundo yoyamba ya chala basi. Zaka zonsezi sindinaphikepo phala.

Wophika pa maukwati: Mayi wofunsa, musanamve za wina aliyense tiuzeni kaye zinthu zitatu. Munaphika makapu angati, masiku onse mumaphika angati, ndipo mpungawo ndi watsopano wa chaka chino kapena wakale? Popanda zimenezi tonse tikungolota.

Mwana wa ku Karonga: Kufunsa makapu nkutaya nthawi. Atenge mpungawo ayale pa mbale yoyera aone, akapeza wina wautali wowonda wina wamfupi wonenepa adziwe kuti amusakanizira. Mitundu iwiri siipsa nthawi imodzi, wina akamapsa wina waphwanyika kale.

Mnyamata wa pa koleji: Gulani layisi kuka amayi, mavuto onse atha.

Mayi a ku Zolozolo: Layisi kuka magetsi atazima? Werengani positi kaye achimwene. Komanso layisi kuka ukathira madzi ochuluka imakupatsanso phala lomwelo, ine yanga inandichitapo.

Mayi a ku Luwinga: Munatsuka kangati? Mpunga wa kumsika umakhala ndi kaufa koyera kochokera ku chigayo, ndi kamene kamamata. Ine ndimatsuka katatu kapena kanayi mpaka madzi asiye kuoneka ngati mkaka, kenako ndimaukhetsa pa sefa. Ndipo musamavundule ndi mthiko ngati mukuphika nsima, mukamavundula mbewu zimasweka nkutulutsa sitachi yambiri.

Agogo a ku Katoto: Apo pokha ndavomera, mthiko ndi wa nsima.

Membala wobisa dzina: Pepani ndinali ku sikelo ndi mwana. Mpunga ndi Kilombero, anabwera nawo ndi amalume a amuna anga kuchokera ku Karonga konko, ati angokolola kumene mwezi wathawu. Masiku onse ndimaphika makapu 2 chifukwa tilipo ochepa. Tsiku limenelo kunali anthu 16 ndiye ndinaphika makapu 10, madzi makapu 20. Kutsuka ndinatsuka kawiri, kuvundula ndinavundula ndithu chifukwa ndinkaopa kuti upserera pansi.

Wophika pa maukwati: Ehee, nkhani ndi imeneyo, ndipo mukanainena poyamba pomwe. Muyezo wa mayi anu si wolakwika koma umagwira pa mpunga wochepa. Mpunga woyera pawokha umamwa madzi pafupifupi ofanana ndi iwo mwini, kapu ku kapu, kapena kupitirira pang'ono. Madzi owonjezerawo timathira chifukwa cha amene amathawa ngati nthunzi. Ndiye taonani, mukaphika makapu 2 ndi madzi makapu 4, mpunga ukumwa makapu 2 ndi kenakake, ena akuuluka pa moto makamaka ngati chivundikiro chili chosakwana bwino, ndipo zimatheka ndithu. Koma mukaphika makapu 10 nthunzi yothawa siichuluka ka 5 ayi, poto ndi mmodzi, mphindi zophikira ndi zomwezo. Pa makapu 20 aja mpunga wanu umafuna mwina 11 kapena 12, kuuluka mwina 2, otsalawo analibe kopita ndiye mpunga unangomwabe mpaka mbewu kuphulika. Ndi chifukwa chake pansi panali phala kuposa pamwamba, madzi amakhala pansi.

Chachiwiri mpunga wanu ndi watsopano. Wongokolola kumene umakhala usanaumitsitse ndipo umafewa msanga, umafuna madzi ochepa kuposa umene wakhala mthumba miyezi 6 kapena chaka. Ine pa makapu 10 a Kilombero watsopano wotsuka nkukhetsa bwino ndimathira makapu 12, wakale ndimafika 13 mpaka 14.

Mwana wa ku Karonga: Olo wachokera ku Karonga, ndani anaona akuthira mthumba? Ku chigayo komweko amasakaniza. Ndipo inu a maukwati musanamize anthu, kwathu sitiwerenga makapu koma mpunga umatuluka umodziumodzi.

Wophika pa maukwati: Adada palibe amene akunyoza Kilombero. Za kusakaniza mukunena zoona zimachitika, ndipo za kuyala pa mbale ndi nzeru yabwino. Koma makapu 20 pa 10 ngakhale mpunga wa mmunda mwanu momwe ungasanduke phala.

Mwana wa ku Karonga: WANGA AYI.

Mayi a ku Nkhata Bay: Nanga bwanji nthawi zonse Kilombero Kilombero ngati kulibe mpunga wina? Ife ku Limphasa timalimanso, ndipo Faya ndi wokoma. Ine Faya ndimathira kapu imodzi ndi theka pa kapu ya mpunga ndikamaphika makapu 2 kapena 3, sanandikhumudwitsepo.

Bambo wa golosale: Ine ndi bachela, funso langa ndi losiyana pang'ono. Wanga umapsa kunja koma mkati muli kolimba ngati mwala, ndiye ndimawonjezera madzi kenako umamatana. Chimachitika nchiyani?

Mayi a ku Luwinga: Moto wanu ndi wambiri achimwene. Madzi akuphwa mkati musanapse. Ukangowira chepetsani moto, vundikirani, musatsegule mphindi 15. Ngati mwapeza kuti ndi wolimbabe wazani madzi otentha pang'ono chabe, masipuni angapo, osati kukhuthula kapu ya madzi ozizira.

Aphunzitsi opuma: Ndiwonjezereko. Kuno ku Mzuzu tili pamtunda, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96 osati 100 ngati kumunsi kunyanja yamchere, ndiye chakudya chimachedwerapo kupsa. Ndikuganiza kuti mayiyu akanawonjezera madzi.

Wophika pa maukwati: Aphunzitsi za madigiri mukunena zoona koma pa mpunga woyera kusiyana kwake ndi mphindi 2 kapena 3 basi. Mayiyu madzi anachuluka kale, tisamuwonjezerenso.

Mayi a mapasa: Koma palibe akuyankha za mlamu. Munthu wamkulu kumaseka mnzake mmalo mothandiza kukhitchini?

Mtsikana wa ku Chiputula: Nanga wa mmapaketi wa mmashopu uja? Basimati ndi wabulauni muyezo ndi womwewo? Dokotala anauza bambo anga azidya wabulauni chifukwa cha shuga koma ukumatikanika.

Wophika pa maukwati: Si womwewo. Ndikunena za makapu 2 kapena 3 apa. Basimati mutsuke, munyike mphindi 20 mpaka 30, mukhetse, kenako kapu imodzi ndi theka ya madzi pa kapu, iyeyu samatana msanga. Wabulauni adakali ndi gaga wake ndiye madzi amachedwa kulowa, amafuna mphindi 40 kapena 45 pa moto wochepa, madzi makapu 2 kapena kuposerapo pang'ono chifukwa nthawi yonseyo nthunzi ikuthawa. Ovuta kwambiri ndi mpunga wosweka uja wotchipa, umamata olo utani chifukwa sitachi ili poyera, ameneyo chepetsani madzi kapena mungophikira phala la mmawa.

Mayi a ku Zolozolo: Ine madzi akangophwa ndimayala jumbo pamwamba pa mpunga nkuvundikira, umapsa bwino ndi nthunzi.

Namwino wina: Jumbo pa chakudya chotentha ayi amayi chonde, pulasitiki ikatentha siyabwino. Tsamba la nthochi lotsuka limagwira ntchito yomweyo.

Mayi a ku Zolozolo: Takhala tikudya choncho zaka zingati, tafa?

Agogo a ku Katoto: Siyani za jumbo. Madzi akaphwa phulani makala ambiri mu mbaula, musiye ochepa pansi, enawo muike pa chivundikiro. Moto wa pamwamba ndi umene umaumitsa mpunga. Ndipo chala changa chija palibe wachitsutsa.

Wophika pa maukwati: Agogo chala chanu chimagwira ndithu, chifukwa madzi a pamwambawo sachuluka ka 5 mpunga ukachuluka. Chimangonama mukatenga sefuliya yotakata kwambiri nkuphikamo mpunga wochepa, apo mfundo imodzi ndi madzi ambiri.

Membala wobisa dzina: Yewo nonse. Ndiye Loweruka akuti ndiphike makilo 5, ndi thumba lomwelija la amalume. Ndithire madzi angati? Ndipo ndikapanda kuvundula sapserera?

Wophika pa maukwati: Kilo imodzi ndi makapu 5 a kapu ya 250 ml, ndiye muli ndi makapu 25. Musaphike mpoto mmodzi ngati simunazolowere, wapansi amapsinjika. Gawani mapoto awiri, aliyense makapu 12 ndi theka a mpunga, madzi makapu 15. Madzi awire kaye ndi mchere ndi mafuta pang'ono, thirani mpunga wokhetsa bwino, vundulani kamodzi kokha, ukawiranso vundikirani ndi kuchepetsa makala. Mukaona timaenje pamwamba ndipo madzi sakuonekanso, chitani za agogo zija za makala pa chivundikiro mphindi 15, kenako phulani muusiye chivundikirire mphindi 10 musanaugwire. Chopsereza ndi moto wambiri pansi osati kusavundula. Koma yesani kaye mawa ndi makapu 4 ndi madzi 5 muone mmene thumba limenelo likumwera, ine sindinaligwire.

Mwana wa ku Karonga: Ayale pa mbale kaye asanayese chilichonse. Mayi jambulani chithunzi mutumize pano ndikuuzeni ngati ali Kilombero.

Membala wobisa dzina: Ndikajambula mbale yanga mlamu aizindikira, ali mgulu momuno. Ndiyesa makapu 4 aja mawa masana. Koma kapu yanga ndi ya pulasitiki yaikulu ija ya tiyi, sindikudziwa ngati ili 250, zili ndi kanthu?

Mayi a ku Luwinga: Bola muyezere kapu yomweyo mpunga ndi madzi omwe.